Agogo akufuna kulembera mdzukulu za dzina lake: tilembemo ziti, tisiye ziti?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mayi anga ali kumudzi ku Dedza ndipo maso anayamba kuvuta, ndiye andipempha kuti ndiwagwirire cholembera. Akufuna kulembera kalata mdzukulu wawo, mwana wa akulu anga, kumufotokozera chifukwa chimene anamutchira Ndaziona. Mtsikanayo ali ku Blantyre, ndi woyembekezera mwana wake woyamba, ndipo kuyambira ali ku sekondale amangodzitchula Estere, dzina lake la ubatizo. Iye ndi amene wafunsa yekha. Nkhani yake ndi iyi: asanabadwe iyeyo, amayi ake anataya makanda awiri motsatizana, ndipo panali kulozana zala ndi akuchimuna. Anabadwanso chaka cha njala. Kalata yotere iyambe bwanji, italike bwanji, ndipo za kulozana zalazo zilowemo?

Limbani wa ku Joni: Zosavuta izi. Ngati dzina sakulifuna angopita ku boma akasinthe basi. Mayina abwino alipo ambiri, Tadala, Chisomo, Mphatso, Takondwa. Asankhepo limodzi.

Nachisale: Ayi achimwene, sakufuna kusintha. Akufuna kudziwa kumene linachokera.

Aphunzitsi Mbewe: Choyamba, musayambe ndi pepala. Khalani ndi agogo pakhonde, tsegulani chojambulira mawu pafoni, muwafunse ngati kuti inuyo ndinu mdzukuluyo: "Agogo, dzina langali munaliganiza liti?" Alekeni ayankhule mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu osawadula. Mukayamba ndi cholembera m'manja, munthu wamkulu amasintha mawu, amayamba kulankhula ngati akupereka umboni kwa amfumu, ndipo kalata imatuluka youma.

Mukamaliza mvetserani kawiri. Mupeza kuti pali chiganizo chimodzi chimene abwereza, mwina katatu. Chimenecho ndicho mtima wa kalata, ndipo chilembedwe ndendende monga achinenera, ngakhale chikhale Chichewa cha kumudzi chimene sichili m'mabuku a sukulu. Cholakwa chachikulu cha ife ogwirira ena cholembera ndi kukonza. Agogo anena kuti "ndinatopa nako kulira" ife n'kulemba kuti "ndinali ndi chisoni chachikulu". Mdzukulu akawerenga amadziwa pompo kuti awa si agogo, ndi amayi aang'ono.

Kutalika kwake, mapepala awiri a m'kope, kulemba mbali imodzi yokha. Ikapitirira pamenepo ndiye kuti mwalowetsamo mbiri ya mtundu wonse, ndipo dzina lasowa m'katimo.

Gogo Nangondo: Aphunzitsi anena za kalembedwe, ine ndinene za zimene ziyenera kupezekamo, poti ana a masiku ano sadziwa m'mene dzina linkaperekedwera. Mwana akabadwa ankakhala m'chikuta ndi amake mpaka mchombo utagwa, kawirikawiri pakatha sabata, nthawi zina kuyandikira sabata ziwiri. Masiku onsewo analibe dzina, ankangoti khanda. Tsiku lotuluka m'chikuta ndi limene ankamumeta, kumusambitsa, n'kumutcha dzina. Ndiye kalata inene zinthu zitatu za tsiku limenelo: kunali ndani, ndani anapatsa agogowo mpata wotcha, ndipo iwo anapereka chiyani. Wotcha dzina satcha chimanjamanja, amaikapo kanthu, kaya ndalama, kaya nsalu, kaya nkhuku. Mdzukulu akamva kuti "ndinakupatsa nkhuku yathadzi ya mawangamawanga" adziwa kuti dzinalo silinangomugwera, linabwera ndi mphatso.

Za mpatazo musazidumphe. M'mabanja ambiri mwana woyamba amatchedwa ndi akuchimuna, wotsatira akuchikazi. Ngati agogo a kuchikazi ndi amene anatcha Ndaziona, pali chifukwa. Mwina inali nthawi yawo, mwina akuchimuna anakana kubwera chifukwa cha mkangano uja. Mtsikanayo akafunsa akuchimuna adzamva mbali yawo, choncho ndi bwino agogo anene okha mwachidule.

Mayi Mvano: Ine ndikuona kuti kalatayi ndi mwayi woti agogo alape. Mayina ngati Ndaziona, Mavuto, Masautso, Maliro ndi matemberero. Mwana amatsata dzina lake. Alembe kuti analakwa, amudalitse ndi dzina la Estere, aikepo ndime ya m'Baibulo, nkhani ithe. Yabezi uja amake anamutcha dzina la zowawa, koma anapemphera Mulungu namuyankha, pa 1 Mbiri 4:9-10.

Gogo Nangondo: Mayi, mwalondola theka. Alipo mayina amene ankaperekedwa ndi mkwiyo, amenewo ndikuvomereza. Koma dzina loipa la mwana wobadwa pambuyo pa maliro silinali temberero, linali chobisira. Makolo ankati imfa ikamva kuti mwana uyu ndi Chikondi kapena Mphatso ibweranso kudzamutenga monga inatengera anzake. Ndiye ankamutcha Maliro, Manda, Chakumanda, kuti aoneke wopanda ntchito, imfa imulambalale. Mukhoza kutsutsa chikhulupirirocho, koma cholinga chake chinali choti mwana akhale ndi moyo. Agogo akalemba kuti "ndinalakwa" pamene mumtima mwawo akudziwa kuti ankateteza, kalatayo ikhala yabodza, ndipo mtsikanayo atsala akukhulupirira kuti anatembereredwa zaka zonsezi.

Mayi Mvano: Nanga Ndaziona ndi la gulu liti? Silikutchula manda.

Gogo Nangondo: Funso labwino limenelo, ndipo ayankhe ndi eni ake. Mayina a mtundu uwu amalankhula, ndipo muyenera kupeza amene akumulankhula. Tiyanjane amalankhula kwa abale amene anayambana. Pilirani amalankhula kwa amake a mwana. Mwatitha amalankhula kwa amene akuganiziridwa zoipa. Ndaziona akhoza kupita mbali ziwiri. Akhoza kukhala agogo akudziuza okha kuti pa moyo wanga ndaona zambiri. Akhozanso kukhala akuuza akuchimuna kuti zimene mukuchita ndaziona, musaganize kuti ndili m'tulo. A Nachisale, afunseni mayi anu mosapsatira: "Munkauza ndani?"

Nachisale: Ndawaimbira. Aseka kaye, kenako akuti, "Zonse ziwiri." Akuti pa nthawiyo ankakhulupirira kuti apongozi a akulu anga anali ndi dzanja pa imfa za makanda aja. Panopa akuti sakudziwa, anali mawu a chisoni. Agogo a kuchimunawo adakali moyo, ndipo mtsikanayo amawakonda.

Kalaliki Zimba: Pamenepo samalani kwambiri. Dzina la munthu aliyense lisalembedwe pafupi ndi mawu oti ufiti. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito m'Malawi, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mawu a pakamwa amauluka, koma kalata yosainidwa imasungika, imajambulidwa, imalowa pa gulu la banja la WhatsApp tsiku limodzi. Komanso mukudziwa zimene zimachitikira okalamba m'midzi akangonenedwa zimenezi. Agogo akhoza kuvomereza kuti panali mkwiyo popanda kuloza munthu. Alembe za mtima wawo, osati za zochita za wina.

China ndi chaka. Mwati chaka cha njala. Njala iti? Yaikulu imene anthu amaikumbukira inafika poipa mu Febuluwale 2002. Inanso inabwera zokolola za 2005 zitalephera, n'kupweteka anthu mpaka kumayambiriro kwa 2006. Okalamba amaziphatikiza ziwirizi, ena mpaka amalowetsamo ya 1949 imene anaimva kwa makolo awo. Musalembe chaka kuchokera m'mutu mwa agogo. Onani pa khadi la sikelo ngati lilipo, kapena pa kalata ya ubatizo. Kulembetsa mwana aliyense akangobadwa kunayamba kukakamizidwa mu 2015, choncho wa msinkhu umenewu mwina alibe chikalata cha kubadwa cholembedwa nthawi yomweyo.

Nachisale: Khadi la sikelo lilipo, lalembedwa Januwale 2006. Koma pali Ndaziwona, ndi w. Pa chiphaso chake cha unzika palinso w. Agogo sukulu yawo ndi ya kwacha, amalemba Ndaziona.

Kalaliki Zimba: M'kalatamo lembani monga agogo amalembera, si chikalata cha boma. Koma mtsikanayo asatengeke n'kuyamba kulemba mosiyana ndi chiphaso pa mafomu a banki kapena a ntchito. Chilembo chimodzi chimabweza munthu pa kauntala. N'chimodzimodzi a Mabvuto a kalembedwe kakale ndi a Mavuto a masiku ano: dzina ndi limodzi, koma makina saona choncho.

Aphunzitsi Mbewe: A Nachisale, lembani zimene mwakonza tione. Kulangiza kalata imene sitinaione kuli ngati kuyeza malaya mwini ali kutali.

Nachisale: Nayi yoyamba, musandiseke.

"Wokondedwa mdzukulu wanga Estere, ndikhulupirira uli bwino. Kuno tili bwino. Cholinga cha kalatayi ndi kukufotokozera tanthauzo la dzina lako. Dzina ndi chinthu chofunika kwambiri pa chikhalidwe chathu. Ndinakutcha Ndaziona chifukwa banja lathu linadutsa m'mavuto ambiri. Koma Mulungu ndi wabwino. Uzinyadira dzina lako ndipo uzimvera akuluakulu. Ndine agogo ako."

Limbani wa ku Joni: Ili bwino kale imeneyi. Tumizani.

Aphunzitsi Mbewe: Ndi yaulemu, koma mutachotsa Ndaziona n'kuikapo Mavuto kapena Pilirani, palibe china chimene mungasinthe. Ndiye kuti sinanene kanthu za mwana ameneyu. "Mavuto ambiri" ndi thumba lomanga kukamwa, mtsikanayo wapempha kuti mulimasule. "Cholinga cha kalatayi" ndi mawu a kalata yofunsira ntchito. Ndipo "uzinyadira" ndi lamulo. Munthu amene wabisa dzina zaka zonsezi sanyadira chifukwa wauzidwa. Mupatseni zimene zinachitika, kunyadako adzaona yekha ngati kulipo.

Komanso agogo amamuitana bwanji akafika kumudzi? Sindikhulupirira kuti amati "wokondedwa mdzukulu wanga".

Nachisale: Amati "mkazi mnzanga", n'kumamunena kuti wabwera kudzawalanda amuna.

Gogo Nangondo: Eya, yambani ndi zimenezo! Agogo ndi mdzukulu ndi anthu a nthabwala, mdzukulu wamkazi ndi mkazi mnzawo, wamwamuna ndi amuna awo. N'chifukwa chake nkhani yolemera chonchi imakhoza kuchokera kwa agogo pamene amake sangathe kuinena. Mukachotsa nthabwalayo mwachotsa chimene chikuwapatsa agogo ufulu wolankhula. Ndipo alembe kuti "iwe". Ndaona ena akulemba "inu" poti mdzukulu ndi wophunzira kapena wakwatiwa. Pamaso pa apongozi ake mukhoza kumulemekeza choncho, koma m'kalata ya awiri "inu" amamuika patali ngati mlendo.

Aphunzitsi Mbewe: Ndondomeko imene ndingakupatseni ndi iyi, ngakhale agogo akhoza kuisokoneza ndipo muwalole. Moni wa masiku onse. Kenako zimene zinalipo iye asanabadwe, ziganizo zitatu kapena zinayi. Kenako tsiku lotcha dzina, ndipo apa ndi pofunika kukhalitsa. Kenako amene dzina linkamulankhula. Potsiriza chiganizo chimodzi chomuchotsa mwanayo pa mlandu. Chimenechi anthu ambiri amaiwala. Mwana wa dzina lolira amakula akuganiza kuti iyeyo ndiye tsokalo. Pafunika mawu omveka bwino onena kuti zimene ndinazionazo zinachitika iwe usanabwere.

Nachisale: Ndamvetseranso zimene ndinajambula, ndalemba kachiwiri. Pafupifupi mawu onse ndi awo.

"Mkazi mnzanga, ndamva kuti wandifunsa za dzina. Unachedwa, ndakhala ndikudikira.

Iwe usanabadwe amako anabereka kawiri, ndipo kawiri konse tinabwerako kumanda manja ali m'khosi. Woyamba anakhala masiku anayi. Wachiwiri anatuluka m'chikuta, tinamutcha dzina, n'kutisiya asanakwanitse mwezi. Pamene unabwera iwe mu Januwale 2006, m'nkhokwe munalibe kanthu, tinkagona ndi phala la gaga. Amako ankaopa kukuyang'ana kumaso.

Mchombo wako unagwa tsiku lachisanu ndi chitatu. Ndinakumeta ndine. Panali amako, amako aang'ono, ndi azamba aja a kutsidya. Atate ako anati, amayi, tchani ndinu, ife mayina atithera. Ndinalibe ndalama. Ndinamasula mpango wanga wa kumutu n'kukufunditsa, n'kunena kuti uyu ndi Ndaziona.

Ndinatopa nako kulira. Dzina lokoma ndinaliopa, poti lokoma tinali titaika kale m'dothi. Ndinati mwina imfa ikamva kuti pano pali nkhalamba imene yaziona kale zonse, ichita manyazi ipitirire. Ndisakubisire, munalinso mkwiyo. Masiku amenewo ndinkaganizira anthu zoipa, monga amachitira munthu wolira. Mkwiyowo unali wanga, ndipo unatha kalekale. Usautole.

Zimene ndinazionazo si iwe. Iwe unabwera zitachitika kale. Kuchokera pamenepo ndaona ukukwawa, ndaona ukupita ku sukulu wopanda nsapato, tsopano ndikumva kuti ndiona mwana wako. Ukafuna kukhala Estere khala Estere, ine sindidandaula. Koma ukafika pano ndidzakuitana monga ndinakutchira, ndipo ubwere ndi shuga."

Mayi Mvano: Iyi yandikhudza, sindinama. Komabe mulibe Mulungu m'kalata yonse. Agogowo sapemphera?

Nachisale: Amapemphera, ndi a Mvano ngati inu. Pojambula paja anati "Chauta anatileka naye uyu." Ndinachotsa poopa kutalika.

Aphunzitsi Mbewe: Bwezeranimo, ndi mawu awo, ndipo ndi aafupi. Aikeni pambuyo pa "Iwe unabwera zitachitika kale." Chimene ndingakane ndi kuwonjezera ndime imene iwo sanaitchule. Kwina konse musakhudze. "Usautole" ndi liwu limodzi koma lagwira ntchito ya ndime yonse, ndipo a Zimba aona kuti palibe amene walozedwa. Za shugazo zisiyeni pomwepo, ndi zimene zidzamuseketse atalira.

Chimodzi chokha: "manja ali m'khosi" ndi mawu awo kapena anu? Akumveka ngati a m'nyuzipepala.

Nachisale: Mwandigwira. Iwo anati "tinabwerako ndi nsalu zokha."

Aphunzitsi Mbewe: Mwaona? Awowo ndi oposa anu kutali. Bwezerani.

Gogo Nangondo: Ine pali pamene pakundivuta. Mtsikanayu ndi woyembekezera, mimba yoyamba. Kwathu munthu wapakati sitimuuza za makanda amene anapita, ndipo masiku anayi ndi mwezi mwalembazo adzayamba kuwerengera pa mwana wake. Kalatayi ndi yabwino koma nthawi yake si ino. Isungeni mpaka atachira, mwana atatuluka m'chikuta, ndipo ndi pamene adzaimvetse bwino, ali ndi wake m'manja.

Kalaliki Zimba: Pamenepo ndisiyana nanu pang'ono, agogo. Kusikelo ya amayi oyembekezera amafunsa za mbiri ya uchembere, ndipo ngati amake anataya makanda awiri motsatizana, ndi nkhani imene anamwino angafune kuimva. Kumubisira sikumuteteza. Kapena kalata idikire, koma amake amuuze pakamwa zimene zinachitika kuti akanene kuchipatala.

Gogo Nangondo: Zimenezo ndi za amake ndi anamwino, sindikutsutsa. Ine ndikunena za kalata, imene munthu amawerenga yekha usiku, kubwereza kasanu, popanda womugwira dzanja.

Limbani wa ku Joni: Nanga osangomutumizira mawu ajambulidwa aja pa WhatsApp bwanji? Amve mawu a agogo enieni, zolembazi n'zachikale.

Kalaliki Zimba: Ayi, amenewo ndiye oopsa. M'mene a Nachisale afotokozera, m'mawu ojambulidwawo agogo atchula anthu mayina. Amenewo asatuluke m'foni, ndipo kalata ikatha ndi bwino kuwafufuta. Ngati mukufuna mawu a agogo asungike, awerengereni kalata yomalizayo chiganizo chimodzichimodzi, iwo azibwereza, mujambule zimenezo.

Za pepala: lembani ndi bolopeni yakuda kapena yabuluu, osati zolembera za inki yamadzi zija, zimafufutika chinyezi chikalowa. Pamwamba tsiku, mwezi, chaka ndi dzina la mudzi. Pansi agogo alembe okha dzina lawo ngakhale likhote, kapena adinde chala. Inu mulembe pakona kuti "Wolemba m'malo mwawo ndi amayi ako aang'ono", kuti pasadzakhale wonena kuti munapeka. Ijambuleni pafoni musanaipinde. Musaimatitse m'pulasitiki wa moto uja, ikalowamo siitulukanso ndipo ikayamba kuwonongeka simungaipulumutse. Envelopu ndi kathumba ka pulasitiki wamba zikwana, kutali ndi chiswe.

Aphunzitsi Mbewe: Ndipo musanatseke envelopu, awerengereni agogo mokweza kuyambira pamwamba mpaka pansi, pang'onopang'ono. Pamene adzati "ayi, sindinatero" mukonze. Pamene adzakhale chete nthawi yaitali musafunse, pitirizani. Akulu anunso, amake a mwanayo, aimve isanapite. Makanda anatayawo ndi awo, ndipo sibwino kuti adzamve kwa mwana wawo kuti nkhani yawo inalembedwa.

Nachisale: Akulu anga ndawawerengera pafoni madzulo ano. Avomera zonse, koma apempha chinthu chimodzi chimene agogo akukana. Akufuna dzina la khanda lachiwiri lija lilembedwe, poti linatchedwa ndipo palibe amene walitchulapo kuchokera tsiku la maliro. Agogo akuti dzina limenelo linapita ndi mwini wake, ndipo akuopa kuti mtsikanayo angalitenge n'kupatsa mwana wake.

Gogo Nangondo: Mayi anu akunena zoona za mwambo. Dzina la agogo amene anakalamba n'kumwalira timalidzutsa mwa mwana, ndi ulemu. La khanda ambiri salidzutsa.

Mayi Mvano: Koma mayi wake akufuna limveke. Mwana anali wake. Ine apa ndili mbali ya akulu anu.

Aphunzitsi Mbewe: Kalata ndi ya agogo, ndiye zimene akana musalembe m'dzina lawo. Akulu anu akhoza kulemba kapepala kawo n'kuika mu envelopu yomweyo, kapena kumuuza okha akadzapita kukadikirira.

Nachisale: Ndikawauza mawa. Za nthawi yotumizira sitinagwirizanebe, agogo akuti ipite sabata ino poti sadziwa ngati adzafika mwezi wa chiwiri, akulu anga akuti idikire chikuta. Panopa ili m'Baibulo la agogo, sanasaine.